Dayazepamu amathandiza msanga, koma musamusiye mwadzidzidzi

"Achemwali, ndamwa dayazepamu kwa chaka ndi theka chifukwa cha nkhawa. Sabata yatha ndinasiya, koma pa tsiku lachinayi zinthu zinaipa kuposa kale. Kodi mutu wangawu waonongekeratu?"

Ayi m'bale wanga, sunaonongeke. Kalata yanuyi ndaiwerenga katatu mtima ukundiwawa, chifukwa tsiku lachinayilo ndikulidziwa.

Bambo anga atamwalira, tulo tinandithawa. Mtima unkangoti phaphapha usiku wonse, mpweya kumabanika. Adokotala anandilembera dayazepamu wa mamiligalamu 5, kawiri pa tsiku. Piritsi loyamba sindidzaliiwala. Lisanakwane ola, mapewa amene anauma ngati thabwa anamasuka, ndipo ndinagona mpaka dzuwa kutuluka. Ndinkabwerera kukatenga ena mwezi ndi mwezi kwa miyezi 14, popanda wondifunsa kuti ndidzasiya liti. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Malangizo a zachipatala amanena poyera kuti mankhwala a gulu la benzodayazepini, lomwe dayazepamu alimo, azimwedwa masabata awiri mpaka anayi basi. Amene amalembera munthu osamuuza zimenezi akulakwa, ndipo pamenepa sindibweza mawu.

Ubongo uli ndi mabuleki akeake, mankhwala achilengedwe otchedwa GABA. GABA akafika pa selo ya muubongo amatsegula timakomo tolowetsa kolorayidi, yemwe amapezekanso mu mchere, ndipo seloyo imafatsa, osatumiza mauthenga mwaphuma. Dayazepamu amakamatirira pomwepo n'kuchititsa kuti timakomoto titseguke pafupipafupi. Sadikira kuti thupi lisinthe kaye, amangokoka buleki yomwe ilipo kale. N'chifukwa chake amagwira ntchito pa mphindi 30 mpaka 60, pamene mankhwala ena a nkhawa monga setiralini amatenga masabata angapo.

Koma ubongo sulola kumangopondedwa buleki tsiku ndi tsiku. Pang'onopang'ono malo olandirira GABA aja amasintha n'kuyamba kugontha, pamene mbali yochangamutsa ubongo imawonjezera mphamvu. Mukachotsa piritsi mwadzidzidzi, mwatsala ndi mabuleki ofooka pa injini yolusa.

Ine ndinasiya Lolemba. Lachiwiri ndi Lachitatu ndinali bwinobwino, mpaka ndinauza mng'ono wanga kuti zatheka. Lachisanu m'mawa kapu ya madzi inkagwedera m'manja mwanga, malaya ali chinyowere ndi thukuta, ndipo supuni itagwa pansi ndinadzidzimuka ngati kwaphulika chinthu. Masiku abwino oyamba aja ndi amene amanamiza anthu. Dayazepamu amachedwa kutuluka m'thupi, ndipo chiwindi chimamusandutsa mankhwala ena amene amapitiriza ntchito kwa masiku angapo. Amene amamwa alupurazolamu, mankhwala ena a gulu lomweli amene amatuluka msanga, amaziona tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Ndiye anthu amati, "waona, matenda ako abwerera." Mawu amenewa ndimadana nawo. Achibale anga anandiuza chimodzimodzi, mwachikondi ndithu, ndipo ndinatsala pang'ono kukhulupirira kuti ndidzamwa mpaka kufa. Nkhawa yakale ikhoza kubwereradi, koma imabwera ndi nkhope imene mukuidziwa. Mukaona zachilendo, monga kuwala kukulasani m'maso, phokoso laling'ono kukupwetekani m'makutu, minofu kudumphadumpha yokha kapena kumva ngati pansi pakuyenda, limenelo ndi thupi likufuna mankhwala amene linazolowera. Zimachitikira ngakhale munthu amene sanapitirirepo mlingo womwe anamulembera. Heather Ashton, dokotala wa ku Newcastle, anathandiza anthu ambiri otere, ndipo njira imene ankalimbikitsa, yochepetsa mlingo pang'onopang'ono, ndi yomwe inandipulumutsa ine.

Nanga mutani?

Pitani kuchipatala lero lomwe, mukanene mlingo umene munkamwa ndi tsiku limene munasiya. Kusiya mwadzidzidzi kungachititse munthu kukomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu, ndipo zimenezi zimapha. Mukayamba kusokonezeka mutu kapena kuona zinthu zomwe palibe, musadikire kuti kuche.

Ine adokotala ena anandibwezera pa mamiligalamu 10 pa tsiku mpaka nditakhazikika. Kenako tinkachotsa miligalamu imodzi masabata awiri alionse, pogwiritsa ntchito mapiritsi a mamiligalamu 2 amene amaduka pakati mosavuta. Titafika pa 5 tinayamba kuchotsa theka la miligalamu, chifukwa kumapetoku n'komwe kumawawa kwambiri. Pa mamiligalamu 3 ndinaima mwezi wathunthu osatsika, osakweranso. Zonse zinatenga miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Zanu zidzayendera thupi lanu, mogwirizana ndi adokotala anu. Chimodzi chokha ndikupempheni: musatonthoze kunjenjemerako ndi mowa. Mowa umagwira pa mabuleki omwewo, ndipo ukakumana ndi dayazepamu, kapena dayazepamu akakumana ndi mankhwala oletsa ululu monga mofini, munthu akhoza kusiya kupuma ali m'tulo.