Za Mangochi wako uja

"Asuweni tandithandizeni. Funso la m'timabokosi likuti: 'CHIMANGA chasakanizika, chasanduka boma la kummwera (8).' Ndalemba MANGOCHI, wakwana bwinobwino, koma CHAMBO wotsika pabokosi lachitatu akukana. Kodi aphunzitsiwa sanalakwitse?"

Eee, msuweni... dikira ndichoke pamphepo, chiperoni chavuta kuno ku Luchenza. Ukundimva? Chabwino. Ine ndamva zomwe ukufuna. Za aphunzitsizo n'zongonamizira. Iwe walemba kale ndi bolopeni, mwakangana ndi alamu, ndiye ukufuna ndinene pagulu pano kuti wolondola ndiwe. Hahaha! Ndimakudziwa.

Ukuwakumbukira amalume, nthawi ija anali kalaliki woyeza masamba ku esiteti? Ayi, iwe unali wamng'ono nthawi imeneyo. Madzulo ankakhala pakhonde ndi chitini cha zitsekerero za mabotolo, chilichonse atachilemba chilembo chimodzi m'kati. Mayi ako ankati ndi misala. Ndiye tsiku lina kunabwera ahedi aja, aja a njinga yopanda mabuleki, akuti apeza anagalamu, mawu awiri a zilembo zofanana zongosinthana malo. Akuti KALULU ukamusakaniza amatuluka KUKULA. Anachita kubetcha nkhuku! Iyayi, ndanama, linali bakha. Bakha lija linatidyera ndiwo za kudimba.

Ndipotu ukangomva, umati n'zoona. Uku zilembo 6, ukunso 6. Uku muli K, U, L, A, ukunso zomwezo, palibe chachilendo. Amalume osayankha. Anangotola zitsekerero n'kuyala K, A, L, U, L, U, n'kuti, "Aphunzitsi, pangani KUKULA ndi zimenezi, m'chitinimo musapisemo dzanja." Ahedi aika K, aika U, afuna K wachiwiri... palibe. M'manja mwawatsalira L wosowa kopita. Kalulu ali ndi L awiri ndi K mmodzi, kukula kuli ndi K awiri ndi L mmodzi. Amalume anabweza L mmodzi m'chitini, n'kutengamo K, n'kuyala KULUKA, kuluka dengu kuja, n'kusuntha ziwiri zokha, KUKULA uyo! Akuti, "Iyi ndiye yake." Bakha amalume anatenga, ngakhale azakhali anakalibweza usiku.

Tsono iwe... ndimati chiyani? Eya, Mangochi. Nambala 8 ija ikungokuuza kutalika kwa mawu, sikuuza kuti zilembo zake ndi ziti. Maboma a zilembo 8 kummwera kuno alipo angapo, Blantyre yemwe ndi 8. Ndipo CH umuwerenge pawiri, C bokosi lake, H bokosi lake, usamuphatikize ngati tili sitandade 1.

Tenga pensulo, osati bolopeni yakoyo. Lemba CHIMANGA pamwamba, MANGOCHI pansi. Yamba ndi mavawelo poti ndi ochepa, bodza limagwidwa msanga pamenepo. Chimanga chili ndi I mmodzi ndi A awiri. Mangochi ali ndi A mmodzi, O mmodzi, I mmodzi. Waona? O ameneyu wachokera kuti? M'chimanga mulibe O. Kapena khwatcha chimodzichimodzi, M pamwamba M pansi, A ndi A, N ndi N, mpaka kumapeto. Pamwamba patsala A, pansi patsala O. Zilembo 7 mwa 8 zagwirizana, n'chifukwa chake maso anakunamiza, koma chikatsala ngakhale chimodzi, si anagalamu imeneyo. Ndipo mawu akakhala ofanana kutalika, chikatsala pamwamba ndiye pansinso chatsala, ukapeza mbali imodzi yokha udziwe kuti wakhwatcha molakwika, yambiranso.

Koma usadalire mavawelo okha ayi, paja ahedi mavawelo awo anali bwinobwino, U awiri A mmodzi mbali zonse. Iwo anagwa pa K ndi L. Mavawelo akagwirizana, zinazo uziwerengebe.

Yankho ndisakuuze? Ah, ndikuuza basi, ungandidandaule mpaka pa Khirisimasi. Chambo uja amakuthandiza, iwe n'kumamuda. Wakupatsa C pabokosi lachitatu. M, A, C... m'chimanga mwatsala H, I, N, G, A. MACHINGA! Kwa Liwonde kuja. Khwatcha uone, sipatsala kanthu pamwamba ngakhale pansi. Iwe utangomva chambo mtima unathamangira kunyanja.

Ndiye aphunzitsi asiye, sanalakwitse. Kukwana m'mabokosi si umboni, chilembo chilichonse chipeze mnzake, A awiri uku, A awiri uko. Wamva? Uziwerenga kuti chilembo chilichonse chilimo kangati, osangoti chilimo. Alamu ngati anati Machinga, kawaphikire tiyi. Ndipo amene anatenga chitini cha amalume chija atchule yekha pagulu pano, ine ndikumudziwa.