Fani ya kudenga yoyenda mwaulesi ndi kumangolira

"Alamu, fani ya kudenga ija ikuyenda mwaulesi ngakhale ndiike pa liwiro lomaliza, ndipo ikungolira kuti mmmm. Ndigule ina?"

Ayi alamu, musagule kaye. Zimitsani pa swichi, mapiko aime, ndiye mukankhe phiko limodzi ndi ndodo, kamodzi kokha. Akazungulira mofewa maulendo angapo n'kudzaima okha pang'onopang'ono, maberingi ali bwino, muganizire kapasita, kachipangizo kothandiza mota kuzungulira. Koma akaima msanga ngati wina wawagwira, kapena mukamva kukhulana kuti kwerekwere, amenewo ndi maberingi, girizi adauma.

Kenako iyatseni ithamange pang'ono, muzimitsenso muli tcheru. Kulira kukatha pompo mapiko akadazungulirabe, ndiye kuti kumachokera ku magetsi. Phokoso la maberingi silitero, limapitirira mpaka mapiko ataima.

Za kapasita zili motere. Mota ya fani ili ndi makoyilo awiri, ndipo kapasita imachititsa kuti magetsi a koyilo imodzi asayendere pamodzi ndi a inzake. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumakankha mota. Kapasita ikafooka mphamvu yokankhayo imachepa, koma magetsi akulowabe, n'chifukwa chake mota imangolira. Ikafookeratu fani imachita kufuna kukankhidwa kuti iyambe. Musaisiye choyatsa ili choncho, mota imatentha mpaka makoyilo kupsa.

Posintha, zimitsani pa buleka, osati pa swichi pokha. Tsegulani kachivundikiro ka pamwamba pa mota, muona kabokosi kakuda kapena kachitini koyera ka mawaya awiri. Jambulani kaye ndi foni musanamasule waya, kenako gunditsani nsonga ziwirizo ndi sikuludiraiva ya chogwirira cha pulasitiki kuti magetsi otsalira atuluke. Tinene kuti palembedwa 2.5 µF, 450 VAC. Mukayeza ndi malitimita n'kupeza 1.1, yatha imeneyo, ngakhale ikuoneka yabwinobwino. Yotupa kapena yosungunuka m'mbali siifunanso kuyeza.

Yatsopano ikhale 2.5 yomweyo. Ena amaika ya 4 ati fani ithamange kwambiri. Imathamangadi, koma koyilo imatentha mopitirira muyeso, mapeto ake n'kupsereza mota. Nambala ya VAC ikhoza kukwera, isatsike. Ya mawaya awiriyi ilibe mbali, mulumikize mulimonse. Mukapeza ya mawaya atatu kapena kuposa, waya aliyense abwerere pake monga pa chithunzi.

Maberingi ndi ntchito ya fundi chifukwa mpofunika kutsitsa fani n'kutsegula mota. Amakhala awiri, nambala yake imalembedwa m'mbali, monga 6201 kapena 6202, ndipo asinthidwe onse pamodzi. Zothira mafuta zimangotontholetsa kanthawi.

Eya, chinanso, musanamasule kanthu nunkhizani pafupi ndi mota. Kukamveka fungo la waya wopsa, makoyilo apita kale, kapasita yatsopano siithandiza. Nditumizireni chithunzi cha zolembedwa pa kapasitayo musanagule.