Nthochi, nyemba ndi mchere pa matenda a kuthamanga kwa magazi

"Mayi anga, amene amakhala ku Namwera, bipi yawo inapezeka pa 156/96 ngakhale anachepetsa mchere. A namwino awauza kuti azidya nthochi ndi nyemba. Kodi zimenezi zikugwirizana bwanji ndi magazi?"

Achemwali, a namwinowo ananena zoona, ndipo nkhaniyi imayambira mu impso. Mchere uli ndi sodiyamu, ndipo kumene sodiyamu wapita madzi amatsatira, choncho akatsalira m'thupi magazi amachuluka n'kumakankha mitsempha mwamphamvu. M'timachubu ta impso muli malo amene amabwezera sodiyamu m'magazi m'malo momutaya mu mkodzo, ndipo malo amenewa amagwira ntchito motengera kuchuluka kwa potaziyamu, amene amapezeka wambiri mu nthochi ndi nyemba. Potaziyamu akachepa, impso imalimbikira kubweza sodiyamu pamalowa pofuna kuteteza potaziyamu wochepayo, ngakhale munthu atadya mchere wambiri. Akakwanira, impso imalola sodiyamu kutuluka limodzi ndi madzi. Mapiritsi okodzetsa amene ambiri amalandira ku chipatala amatseka malo omwewa.

Mitsempha nayo ili ndi timinofu m'khoma mwake: potaziyamu amathandiza timinofuti kumasuka kuti njira ya magazi ikule, pamene mchere wochuluka umaumitsa khomalo m'kupita kwa zaka.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, amene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo apeze mamiligalamu osachepera 3,510 a potaziyamu. Nthochi imodzi imapereka pafupifupi 400 okha, ndiye payokha siingakwanitse. Kapu ya nyemba zophika imapereka oposa 600, ndipo mbatata, bonongwe, nkhwani ndi mapeyala zimawonjezera bwino. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kaphikidwe kathu. Ndiwo zamasamba zikawiritsidwa m'madzi ambiri n'kuwataya, potaziyamu amapita ndi madziwo. Komanso soda wa m'sitolo amene timathira m'therere ali ndi sodiyamu, monganso timibulu tokometsera ndiwo ndi nsomba zothiridwa mchere poumitsa, kotero mayi angachepetse mchere wa m'botolo koma sodiyamu n'kumalowabe mwa njira zimenezi.

Musayembekezere zambiri kuposa zoyenera. Potaziyamu wokwanira amatsitsa nambala yapamwamba ija ndi 4 kapena 5 mwa odwala bipi, pakapita masabata angapo, kutanthauza kuti 156 angafike cha m'ma 151, osati 130. Chonde asasiye mankhwala.

Ngati mayi ali ndi vuto la impso, kapena akumwa mankhwala otchedwa enalapulilu kapena sipironolakitoni, potaziyamu angaunjikane m'magazi n'kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo kawirikawiri sapereka chizindikiro mpaka zinthu zitafika poipa. Zikakhala choncho, apemphe kuyezedwa magazi a impso ndi potaziyamu ku chipatala chachikulu ku boma asanasinthe kadyedwe kwambiri, ndipo asagule mchere wa potaziyamu popanda kuuzidwa ndi dokotala.