WhatsApp ikuyenda koma Google sikutseguka: vuto lili pati?

"Abale, intaneti yanga yafa. Google sikutseguka koma WhatsApp ikuyenda bwinobwino. Mwana wanga akuti vuto ndi bulawuza. Kodi bulawuzayo si Google yomweyo?"

Ayi mayi, ndi zinthu zosiyana, kungoti kampani ya Google ndi imene inapanganso Chrome, n'chifukwa chake ambiri amasokoneza. Bulawuza ndi pulogalamu ya m'foni mwanu yotsegulira masamba a pa intaneti, monga Chrome, Opera Mini kapena Firefox. Webusaiti sikhala m'foni, imakhala pa kompyuta ya eni ake kutali, ndipo ili ndi adilesi yake, monga wikipedia.org. Chofufuzira, monga Google kapena Bing, nachonso ndi webusaiti, koma ntchito yake ndi kukulozerani mawebusaiti ena. Zili ngati kabaza: njinga ndi bulawuza, kumene mukupita ndi webusaiti, ndipo amene mumamufunsa njira ndiye chofufuzira. Ngati njira mukuidziwa kale, simufunsa munthu.

Ndiye yesani chonchi. Tsegulani Chrome, m'kabokosi ka pamwamba mulembe wikipedia.org ndendende, osasiya mpata. Tsambalo likatseguka, ndiye kuti deta ndi bulawuza zili bwino, chavuta ndi chofufuzira chokha, zomwe sizichitikachitika. Lembani bing.com mufufuzire kumeneko.

Likakana, werengani timawu tating'ono pansi pa uthenga umene watuluka. ERR_INTERNET_DISCONNECTED ikutanthauza kuti foni sinalumikizike konse: deta ndi yozimitsa kapena Wi-Fi yaduka. Inu si vuto lanu limeneli, poti WhatsApp ikuyenda. DNS_PROBE_FINISHED_NXDOMAIN nthawi zambiri imabwera mukalakwitsa chilembo pa adilesi. Mukaona 404, mwafika ndithu kwa eni webusaiti, koma tsamba mukulifunalo kulibe. 500 kapena 503 ndi vuto la kompyuta yawo, ndipo kuzimitsa n'kuyatsa foni sikungathandize, muyenera kungodikira.

Ine ndikukayikira bandulo. Mabandulo ena otsika mtengo ndi a WhatsApp kapena Facebook basi, moti china chilichonse chimangozungulira mpaka kulemba ERR_CONNECTION_TIMED_OUT. Musanakhudze kalikonse, onani kaye mtundu wa bandulo imene munagula. YouTube ikakananso, ndiye kuti ndi chimenecho. Gulani bandulo ya intaneti yonse, ngakhale yaing'ono ya tsiku limodzi, muyeserenso.

Mwana wanu akhala kuti walondola ngati tsamba lomwelo likutseguka pa Firefox koma likukana pa Chrome. Zikatero lowani ku Settings ya foni yanu, kenako Apps, Chrome, Storage, mudine Clear cache. Musadine Clear data kapena Clear storage, chifukwa zimakutulutsani m'maakaunti onse amene munalowa pa bulawuzayo, ndipo ngati mapasiwedi munaiwala mudzavutika. Onaninso deti ndi nthawi ya foni. Zikalakwika, Chrome imakana masamba ambiri n'kulemba NET::ERR_CERT_DATE_INVALID, ndipo mukangokonza detilo masambawo amatseguka.