Therere, zitheba ndi kabichi zisanalowe mufiliza: mphindi zake kuno ku Joni

"Ndinagula zitheba, therere lobala ndi kabichi zambiri ku City Deep, ndinatsuka n'kuponya mufiliza. Patatha miyezi itatu zitheba zatuwa ndipo zikununkha ngati udzu. Mnzanga akuti ndikanayamba ndaziwiritsa pang'ono. N'zoona? Kwa mphindi zingati?" Afunsa choncho mayi wina wa ku Rosettenville.

Mayi, mnzanuyo akunena zoona. Ndiwo zamasamba zimakhala ndi ma enzaimu, amene amazikulitsa ndi kuzikhwimitsa zili kumunda, ndipo sasiya ntchito mukathyola. Kuzizira kwa filiza kumangowachedwetsa, sikuwaletsa. Ndiye pang'onopang'ono amawononga mtundu, kakomedwe ndi mavitamini. Chimene chimawathetsa mphamvu ndi madzi owira, monga momwe kumudzi amayambira kufutsa nkhwani kapena khwanya asanayanike padzuwa. Madzi owirawo amachotsanso litsiro ndi tizilombo tambiri ta pamwamba, n'kufewetsa ndiwo kuti zilowe bwino m'thumba.

Mphindi zimene alangizi a zosunga chakudya amapereka ndi izi: zitheba mphindi 3, therere laling'ono losapitirira masentimita 10 mphindi 3, lalikulu mphindi 4, kabichi woduladula mphindi imodzi ndi theka. Koma pano pali chimene anthu ambiri kuno sachidziwa. Mphindi zimenezi ndi za kumalo otsika, komwe madzi amawira pa madigiri 100. Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi athu amawira pa madigiri 94 okha. Amabwadamuka ndithu, koma satentha mokwanira kuti agwire ntchito m'nthawi yomweyo. Kumalo okwera kupitirira mamita 1,500 amalangiza kuwonjezera mphindi imodzi. Choncho pa chitofu chanu zitheba ndi therere laling'ono zikhale mphindi 4, therere lalikulu 5, kabichi mphindi ziwiri ndi theka. Mphindi imodziyi musaipeputse, chifukwa kuwiritsa mosakwanira kumadzutsa ma enzaimu m'malo mowathetsa, ndipo ndiwozo zimawonongeka kuposa zimene simunawiritse n'komwe.

Tiyerekeze kuti mwagula zitheba makilogalamu awiri. Tsukani, sadzulani nsonga, dulani zidutswa zotalika ngati chala. Terekani malita 4 a madzi mumphika waukulu, awire mpaka kubwadamuka, ndipo thiranimo theka la kilogalamu basi n'kuvundikira. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amakhuthulira zonse nthawi imodzi, madzi n'kuzizira, zitheba n'kumangonyowa m'madzi ofunda. Yambani kuwerenga mphindi madzi akawiranso, osati pomwe mwathira. Ayenera kuwiranso isanathe mphindi imodzi. Akachedwa, ndiye kuti mwachulutsa ndiwo kapena mbaula ndi yofooka, chepetsani ulendo wotsatira. Makilogalamu awiriwo ndi maulendo anayi, ndipo madzi omwewo akwana, kungowadikira abwadamukenso.

Nthawi ikakwana vuulani msanga, muponye m'beseni la madzi a ayezi kwa mphindi 4 zomwezo. Mukapanda kutero zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Ayezi konzeranitu dzulo lake m'zigubu za majarini, chifukwa amafunika wambiri, pafupifupi kulemera kofanana ndi ndiwozo. Chitheba chowiritsidwa bwino chimakhala chobiriwira kwambiri ndipo chimathyoka mukachiluma. Chikayamba kufiirira ndi kulendewera, chapsa mopitirira.

Therere likufuna chisamaliro chake. Musalidule musanaliwiritse. Chotsani kamtengo kokha osafika pa njere, liwire lathunthu, ndipo mudzadule litazizira. Mukalidula kaye, kuterera konse kumathera m'madzi otaya, pamene ife timafuna kuterera komweko pa nsima. Soda musathire, adikire tsiku lophika. Ndipo patulani laling'ono ndi lalikulu, lililonse mphika wake.

Za kabichi ndinene mosabisa: sindilimbikitsa kusunga wambiri. Akachoka mufiliza amakhala wofewa, woyenera kukazinga ndi tomato kapena kuthira mu supu, osati saladi. Mutu wathunthu umakhala milungu ingapo mufiriji wamba, ndiye malo a mufiliza apatseni therere, lomwe limasowa ndi kudula nyengo yozizira.

Zikazizira zikhetseni madzi, ziumitseni pa nsalu yoyera, longedzani m'timatumba tokwana kuphika kamodzi, finyani mpweya utuluke, lembani tsiku. Mufiliza yozizira madigiri 18 pansi pa ziro zimasungika miyezi 8 mpaka 12. Pophika musasungunule, ponyani mumphika zili zouma, ndipo muchepetse nthawi yophika popeza zinapsa kale pang'ono.

Zitheba zanu zotuwazo, ngati sizinasungunukepo magetsi atazima nthawi yaitali, sizingakudwalitseni. Kukoma kokha ndiko kwachepa. Zikazingeni ndi anyezi, tomato ndi kare, mudye mwezi uno.