Sikelo yaima pa 2 V: geni ya in-ampu ya ma opampu atatu ndi komoni modi yake

"Bwana, ndikupanga sikelo ndi lodi selo ya 20 kg, ya 2 mV/V, ndaipatsa 5 V. Ampu ndamanga ndekha ndi LM324, ija ya ma opampu atatu, magetsi ake 5 V yomweyo. Awiri akutsogolo ali ndi 10k aliyense, Rg ndi 47 Ω, anayi akumapeto onse 10k a 1%. Ndikafika cha m'ma 9 kg autiputi imaima pa 2 V basi, ngakhale ndiwonjezere katundu. Chipu yafa kapena? Komanso ndingadziwe bwanji kuti CMRR yanga ili bwino?"

Achimwene, chipu yanu ili moyo, musaitaye. Yomwe yakhuta si opampu ya kumapeto yomwe mukuyezayo ayi, ndi imodzi mwa ziwiri zakutsogolo, ndipo mita yanu simunaiikepo pamenepo n'chifukwa chake simukuona.

Tiyambe ndi zomwe lodi selo ikutulutsa. 2 mV/V pa 5 V ndiye kuti katundu akakwana 20 kg, pakati pa mawaya awiri a siginolo pamakhala 10 mV yokha. Koma waya aliyense payekha mukamuyeza ndi giraundi mupeza cha pa 2.5 V, chifukwa buriji ya marezisita ya m'kati mwa selo imagawa 5 V pakati. 2.5 V imeneyo, yomwe mawaya onse awiri ali nayo limodzi, ndiye komoni modi. Ntchito yonse ya seketi yanu ndi kukulitsa ka 10 mV ndikutaya 2.5 V, koma kutayako sikuchitika poyambirira pomwe ayi, kumachitika kumapeto, ndipo vuto lanu lagona pamenepa.

Opampu yam'mwamba tiitche A1, yam'munsi A2, yakumapeto A3. Opampu ikakhala ndi fidibaki imakakamiza inputi yake ya mainasi kuti ifanane ndi ya pulasi. Ndiye mbali imodzi ya Rg imakhala pa volteji ya waya woyamba, mbali inayo pa volteji ya waya wachiwiri, kutanthauza kuti kusiyana kwa mawaya awiri aja kwagwera pa Rg penipeni. Karenti yodutsa mu Rg ilibe kwina kopita, m'ma inputi a opampu simulowa kanthu kwenikweni, ndiye imadutsanso mu 10k yam'mwamba ndi 10k yam'munsi. Karenti imodzi, marezisita atatu otsatizana, fomula ya G1, geni ya gawo loyambali, n'kutuluka yokha, R kukhala 10k ija:

```
G1 = 1 + 2R/Rg
G1 = 1 + 20000/47 = 426.5
```

Tsopano onani zomwe zimachitika mawaya onse awiri akakwera limodzi. Mbali zonse za Rg zakwera mofanana, mu Rg mulibe karenti, m'ma 10k mulibenso, ndiye A1 ndi A2 zimangotsatira inputi ngati mabafa. Komoni modi imadutsa gawo loyamba ndi geni ya 1, sikula koma sichepanso. Choncho pa autiputi ya A1 ndi A2 pamakhala izi, Vcm kukhala komoni modi, Vd kusiyana kwa mawaya awiri aja:

```
VA1 = Vcm + G1*Vd/2
VA2 = Vcm - G1*Vd/2
```

Ikani manambala anu. Pa 20 kg, theka la 426.5 kuchulukitsa 10 mV ndi pafupifupi 2.1 V, ndiye A1 ikufunika ikafike 4.6 V pomwe A2 itsike mpaka 0.4 V. Koma LM324 autiputi yake sifika kumwamba kwa magetsi, imalekezera cha pa 1.5 V pansi pake, pa 5 V ndiye kuti 3.5 V. Kuchoka pa 2.5 V, A1 ili ndi 1 V yokha yoti ikwere. Ikangogunda 3.5 V yaima, karenti ya mu Rg yasiya kukwera, A2 nayo imangokhazikika cha pa 1.5 V ngakhale ili ndi mpata wotsikabe, ndipo A3 yomwe ntchito yake ndi kuchotsera imakupatsani 3.5 kuchotsa 1.5. Ndi 2 V yanu ija. Gawani 2 V ndi 426.5 mupeza 4.7 mV, yomwe pa selo yanu ndi 9.4 kg. Mukufuna umboni, ikani katundu wa 12 kg muyeze pini ya autiputi ya A1, muipeza yakakamira pa 3.5 V kapena kupitirira pang'ono, osasuntha.

Kukonza kwake, musaike geni yonse kutsogolo. Rg isinthe ikhale 200 Ω, G1 ikhala 101, ndipo pa katundu yense A1 ingofika 3.0 V, A2 2.0 V, zonse zili m'kati mwa malire bwinobwino. Yotsalayo muitenge pa A3: marezisita awiri olowera akhalebe 10k, koma wa fidibaki ndi wopita ku REF, pomwe pamaikidwa volteji yoyambira autiputi, akhale 30k aliyense, geni 3. Yonse pamodzi 303, ndiye 20 kg ikupatsani 3.03 V, A3 nayo sinagunde denga lake la 3.5 V. Njira ina ndi kupatsa LM324 9 V kapena 12 V kwinaku selo ikukhalabe pa 5 V, denga la A1 likwera, koma ngati autiputi ikupita pa pini ya Arduino muikepo chotchingira chifukwa tsiku lina wina adzakhalira sikeloyo ndipo volteji idzapyola 5 V.

Koma kusamutsa geni kuli ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pomwe tikulowa mu funso lanu lachiwiri, la CMRR, nambala yosonyeza kuti seketi ikukulitsa siginolo kangati kuposa komoni modi.

Amene amataya komoni modi ndi A3 yekha, ndipo amataya bwino pokhapokha ngati resho ya 30k ndi 10k mbali imodzi ikufanana ndendende ndi ya mbali inayo. Ma 10k awiri akutsogolo aja atasiyana pang'ono geni ndi yomwe isinthe pang'ono, palibe chachikulu. Anayi akumapetowa ndiye alibe chibwana. Zikaipitsitsa, marezisita onse atapatuka mbali yolakwika, kawerengedwe kake ndi aka, t kukhala tolaransi, G2 geni ya A3, CMRR2 ya A3 payokha:

```
CMRR2 = (1 + G2) / (4t)
CMRR  = G1 * CMRR2
```

Seketi yanu yakale, G2 ndi 1, t ndi 0.01, CMRR2 ikutuluka 50, yomwe ndi 34 dB basi, zochepa zedi. Chimene chimapulumutsa ndi gawo loyamba lija: lakulitsa siginolo ka 426 komoni modi osaikulitsa, ndiye yonse ikukhala 21,300, cha pa 86 dB. Ichi ndicho chifukwa chenicheni anthu amavutikira kuika ma opampu atatu m'malo mwa imodzi, kuwonjezera pa zoti mainputi ake sakoka karenti ku buriji. Mu seketi yatsopano CMRR2 ndi 4 kugawa 0.04, ndiye 100, kuchulukitsa 101 ikupereka 10,100, kapena 80 dB. Mwataya 6 dB kuti sikelo ifike 20 kg, ine ndikuona kuti ndi malonda abwino. Lamulo lake ndi loti geni yambiri ikhale kutsogolo mpaka pomwe A1 ndi A2 zikupumabe, yotsala ndiyo ipite kumapeto.

Nanga 80 dB ndi makilo angati? Gawani 2.5 V ndi 10,100 mupeza 0.25 mV ngati kuti yalowera ku inputi, pa selo yanu ndi theka la kilo. Zikumveka zoopsa koma sizisuntha, mukaika ziro mu pulogalamu zatha. Chovuta ndi komoni modi yomwe imayendayenda. Ikasuntha ndi 100 mV, kaya chifukwa 5 V ya pa chaja yagwa kaya waya wautali watola phokoso la 50 Hz la magetsi a m'nyumba, mukuona 10 µV, ndiye magalamu 20. Poyeza matumba a chimanga palibe angadandaule, koma poyeza zinthu zing'onozing'ono ndi zambiri.

Kuyeza CMRR yanu sikufuna zida zodula. Chotsani lodi selo, lumikizani mainputi awiri pamodzi, muwapatse volteji kuchokera pa poti ya 10k yomwe ili pakati pa 5 V ndi giraundi. Poyamba zulani Rg, chifukwa popanda iyo G1 ndi 1, komoni modi idutsabe chimodzimodzi ndipo muona zochita za marezisita anayi okha. REF musaisiye pa giraundi poyeza, ikwezeni ifike 1.5 V, apo ayi cholakwika chikakhala cholozera pansi autiputi ingogona pa malire ake apansi inu n'kumati seketi yanga ndi yabwino. Zunguzani poti kuchoka 2 V kufika 3 V mukuyang'ana autiputi. Ikasuntha ndi 15 mV, geni ya komoni modi ndi 0.015, ndipo 303 kugawa 0.015 ndi 20,200, kapena 86 dB. Mukufuna kuposa apo, 30k ya ku REF muisinthe ikhale 27k yotsatizana ndi tirima ya 5k, muzipotoza pang'onopang'ono mpaka kuzunguza poti kusiye kusuntha autiputi. Kenako bwezani Rg muyezenso. Nambala ikaipirapo musadabwe, A1 ndi A2 nazo zili ndi CMRR yawoyawo, datashiti ya LM324 imangolonjeza 65 dB, ndipo kusiyana kwa ziwirizo kumakulitsidwa ndi geni yonse.

Za REF zija, chonde musaitenge molunjika pa marezisita awiri ogawa volteji. Ma 10k awiri ogawa amaoneka ngati 5k yowonjezera pa 30k yanu, resho yasokonekera ndi 17%, kusankha konse kwa marezisita a 1% kwapita pachabe. Mu LM324 muli ma opampu anayi, yachinayi yangokhala, ipangeni bafa ndipo REF idyere pa autiputi yake. Chimodzimodzinso mukaika makapasita osefera phokoso kuchoka pa inputi iliyonse kupita ku giraundi, akasiyana kukula amasandutsa 50 Hz ya komoni modi kukhala siginolo, ndiye awiriwo akhale aang'ono ndi ofanana, wamkulu kakhumi akhale pakati pa mainputi.

Chimodzi chomwe simunafunse koma chikudikirani ndi ofuseti. LM324 imakhala ndi cha pa 2 mV, ina mpaka 7 mV, pomwe siginolo yanu yonse ndi 10 mV. Kusiyana kwa 2 mV pakati pa A1 ndi A2 ndi makilo 4, pa autiputi 0.6 V, ndipo kumayenda chipu ikatentha. Kukakhala kolozera pansi, makilo oyambirira sadzaoneka n'komwe pokhapokha REF mwaikweza, kukakhala kolozera m'mwamba kudya mpata wa A3 ndipo geni muitsitsenso. Pophunzirira seketiyi ndi yabwino kwambiri chifukwa mfundo iliyonse mutha kuigwira ndi mita. Koma ngati sikeloyo ikayeza katundu wa makasitomala, gulani in-ampu yomangidwa kale yomwe marezisita ake anawalinganiza kufakitale. AD620 geni yake ndi 1 + 49.4k/Rg ndipo INA128 ndi 1 + 50k/Rg, m'kati mwake ndi ma opampu atatu omwewa, ndiye masamu a VA1 ndi VA2 muwachitebe, pa 5 V imodzi nazonso zimakhuta m'kati momwe mita singafike. AD623 ndi yomwe anaipangira magetsi a mbali imodzi, 1 + 100k/Rg. Ndipo ngati mapeto ake ndi Arduino basi, kabodi ka HX711 kali ndi geni ya 128 ndi ADC ya mabiti 24 pamodzi, mawaya anayi a selo mumangolumikiza pomwepo.