Disiki ndi nkhokwe, ramu ndi lichero

"Anzanga ndithandizeni. Laputopu yanga ili ndi disiki ya 1 TB, 800 GB mulibe kanthu, ramu ndi 4 GB. Koma ndikangotsegula Chrome ndi Word imachedwa koopsa. Ndifufute zithunzi?"

Achimwene, zithunzizo zisiyeni, zilibe mlandu. Nkhokwe ingakule bwanji, chimanga chopeta nthawi imodzi ndi chokhacho chokwana m'lichero. Disiki imangosunga. Pulogalamu iliyonse yomwe mwatsegula imayamba yatapidwa kudisiki n'kuikidwa mu ramu, ndipo pulosesa imagwirira ntchito m'menemo.

Ndiye taonani 4 GB yanuyo. Windows 11 payokha, musanatsegule kanthu, imakhala itadya kale yoposa theka, ndipo gawo lina laling'ono limapita kwa zojambula pasikirini. Chrome ikabwera ndi matabu khumi, ina ya Facebook ina ya YouTube, lichero ladzaza. Apa Windows siikana ntchito ayi. Imachotsa zomwe simukuzikhudza panthawiyo n'kukaziika mu fayilo ya padisiki yotchedwa pagefile.sys. Mukabwerera ku Word, iyenera kukazitenganso, n'kutulutsa zina kuti malo apezeke. Kupita ndi kubwera kumeneku ndi kumene mukukuona ngati kuchedwa.

Choipitsitsa n'chakuti 1 TB ya m'malaputopu otchipa kawirikawiri imakhala hadi disiki ya mbale zozungulira. Imeneyi ikamawerenga zinthu zondondozana imafika cha m'ma 100 MB pa sekondi, pomwe ramu imatha ma GB ambirimbiri pa sekondi yomweyo. Tizidutswa ta pagefile.sys n'tomwazikana, ndiye kamkono kowerengera kamangolumphalumpha. Tcherani khutu, mumva kukhetekera pansi pa kiyibodi.

Musangondikhulupirira. Ikayamba kuvuta dinani Ctrl+Shift+Esc kuti mutsegule Task Manager, mupite pa Performance. Ngati Memory, yomwe ndi ramu ija, ili pamwamba pa 85% kwinaku Disk itaima pa 100%, mwaugwira mlandu. Memory ikakhala pa theka koma CPU, pulosesa ija, n'kukhala pa 100%, vuto ndi lina, ramu yatsopano siithandiza.

Pa Memory pomwepo yang'anani Slots used. Pakalembedwa 1 of 2, kawirikawiri pali malo oikapo ina, ngakhale ndi bwino kutsegula kunsi n'kuona ndi maso, chifukwa malaputopu ena opyapyala ramu yake ndi yowotcherera. Ya mlongo wanga inali chimodzimodzi yanuyi. Tinaonjezera 4 GB kuti ikwane 8 GB, Disk ija inatsika kuchoka pa 100%, Word n'kumatseguka asanapite kukatereka tiyi. Pokagula tengani laputopuyo, poti mitundu ya ramu ya DDR3L ndi DDR4 ili ndi mpata pamalo osiyana ndipo imodzi siilowa m'malo mwa inzake.

Ena akuuzani kuti mugule SSD, disiki yachangu yopanda mbale zozungulira. Sakunama, imafulumizitsa ulendo wa kunkhokwe uja, koma lichero limakhalabe la 4 GB. Ndalama zisanapezeke, chepetsani matabu, ndipo mu Task Manager momwemo, pa Startup apps, muzimitse mapulogalamu omwe amadziyatsa okha mukangoyatsa laputopu.